25 H7/p6 si zokongoletsa pepala ayi

Lero ndiye ndakwiya. Ndinapereka chojambula kwa mmisiri wina wosema zitsulo, cholembedwa bwinobwino 25 H7/p6, iye n'kundibwezera shafti ya 25.00 mm ndendende. Giya ikungolowa ndi dzanja n'kumazungulira yokha ngati chibangili. Nditafunsa, akuti "bwana, 25 ndi 25 basi." Ayi achimwene, 25 si 25 basi! Zilembo zija ndi manambala aja sitinalembe kuti pepala lioneke la anthu ophunzira.

H wamkuluyo ndi wa bowo la giya, p wamng'onoyo ndi wa shafti. Chilembo chimakuuzani pamene malire ayambira, nambala imakuuzani kuti malirewo atalikirana bwanji. Tsegulani tebulo la ISO 286, mzere wa zitsulo zoposa 18 mpaka 30 mm. H akutanthauza kuti bowo lisachepere 25.000, ndipo 7 akulola 0.021 pamwamba pake, ndiye bowo likhale pakati pa 25.000 ndi 25.021. Tikabwera ku shafti, p amayambira 0.022 pamwamba pa 25, ndipo 6 amangolola 0.013 yokha, ndiye shafti ikhale pakati pa 25.022 ndi 25.035.

Kwatsala kuchotsera basi, masamu a kupulayimale. Shafti yonenepetsetsa ikakumana ndi bowo lochepetsetsa: 25.035 − 25.000 = 0.035, kumeneko ndiye kuthina kwambiri. Shafti yowondetsetsa ikakumana ndi bowo lalikulitsitsa: 25.022 − 25.021 = 0.001, yathinabe. Kulikonse mungatembenuzire, shafti ndi yaikulu kuposa bowo. Imafunika kukanikizidwa ndi makina, osati kulowa ndi chala. Nanga inu shafti ya 25.00 mwaitenga kuti?

Ndikanafuna yotsetsereka ndikanalemba g6. Pamenepo shafti imakhala pakati pa 24.980 ndi 24.993, mpata m'bowo lomwelo n'kukhala kuyambira 0.007 mpaka 0.041. Bowo ndi lomwelo, 25 ndi yemweyo, chasintha ndi chilembo chimodzi chokha, koma ntchito yake ina. Chilembo chimodzi! Ndicho mwachidumpha ngati mulibe maso.

Kaya kumene anaphunzira sanawaonetse tebulo, kaya ndi ulesi, izo n'zawo. Ngati simukudziwa, funsani. Safunsa anadya phula. Choipa n'chakuti phulalo ndikudya ndine, chitsulo ndinagula ndekha.

Ndiye atapezeka wolakwa akuti atenge panchi amenyemenye shaftiyo ituluke timabampu kuti igwire. Timabampu timeneto tikaphwanyika giya idzayambanso kugwedera, inu ndalama mutadya kale.

Komanso tisiye bodza la veniya, chida chija amayezera. Veniya yake imawerenga 0.02 mm, pamene malire onse a shaftiyi ndi 0.013. Muyeza bwanji chinthu chochepa kuposa chimene chida chanu chimaona? Ndamufunsa maikiromita, chida choyezera timiyezo tating'ono chonchi, akuti anabwereka mnzake chaka chatha.