Chaka chidzakusokeretsani, kumbukirani chowongolera

Wina akafunsa kuti, “Pali kanyimbo ka mu gemu ya Sonic, pa levulo ya m’madzi, ndinkaisewera cha m’ma 1998, ndi kati?” anthu amathamangira kusaka magemu a 1998. Ine ndimati njira imeneyo ndi yotayitsa nthawi. Chaka chimene munasewera si chaka chimene gemu inatuluka. Makina ambiri ankatifika atagwiritsidwa kale ntchito ndi abale a ku Joni kapena ku Mangalande, ndiye chakacho chimangokuuzani kuti gemuyo siinatuluke pambuyo pake, basi.

Yambani ndi chimene manja anu ankagwira. Ngati chowongolera chinali chakuda, cha mabatani atatu A, B, C ndi Start, imeneyo inali Mega Drive. Ngati chinali cha makona anayi, cha mabatani awiri 1 ndi 2, inali Master System. Musazitenge mopepuka zimenezi. Sonic yoyamba ya 1991 inatuluka pa makina onse awiri, ndipo konseko kuli levulo ya m’madzi yotchedwa Labyrinth Zone, koma nyimbo zake n’zosiyana. Ya pa Mega Drive anapeka ndi Masato Nakamura, ya pa Master System ndi Yuzo Koshiro. Munthu akhoza kupeza dzina lolondola la levulo, n’kumvera nyimbo yolakwika, n’kugwa ulesi.

Tsono tinene kuti inali Mega Drive. Kodi Sonic anali yekha, kapena kankhandwe ka michira iwiri kankamutsatira? Ngati anali yekha, akuyenda mwaulesi pakati pa makoma achikasu n’kumadikira thovu la mpweya kuti asamire, ndi Labyrinth Zone ija. Ngati kankhandwe kanalipo ndipo madzi anali apinki m’fakitale, ndi Chemical Plant Zone ya mu Sonic 2 ya 1992. Mukakumbukira zipilala zogumuka ndi mivi, ndi Aquatic Ruin Zone ya momwemo.

Mukatero lembani pa YouTube `Sonic 1 Mega Drive longplay`, kapena `Sonic 2 Mega Drive longplay` ngati kankhandwe kanalipo, kuti mupeze vidiyo ya munthu akusewera gemu yonse, muithamangitse mpaka maso azindikire malowo. Maso amakumbukira msanga kuposa makutu.

Chimene chimandipweteka n’chakuti ambiri amafika pa nyimbo yeniyeniyo n’kuikana, ati ikuthamanga kwambiri. Sakunama ayi. Makina ochokera ku Ulaya ndi ku Joni anali a PAL, mtundu wa ma TV a kumeneko, oyenda pa 50 Hz, pamene mavidiyo ambiri amajambulidwa pa 60 Hz ya ku Amereka ndi Japani. Sonic yoyamba sanaikonze kuti igwirizane ndi PAL, choncho gemu ndi nyimbo zomwe zinkayenda pang’onopang’ono, pafupifupi ndi 17 peresenti. Musanaikane, onjezani mawu akuti `PAL 50Hz` posakapo, mumverenso.