Maganizo anga: deti yoyamba musamafunse ngati mukulemba munthu ntchito

Abale, funso loti "mumagwira kuti?" lisamabwere munthu asanatsegule ndi Fanta yemwe. Mwagwirizana pa foni, mwakumana pa Chichiri kaya pa Ginnery Corner, mwangokhala pansi kumene basi wina wayamba kale, mumagwira kuti, mumakhala ndi ndani, nyumbayo ndi ya lendi kapena, muli ndi mwana, nanga uja munasiyana chifukwa chani. Mnzako akungoyankha mawu amodziamodzi kwinaku akuzunguza botolo patebulo, kenako madzulo ukuuza anzako kuti aaa munthu uja ndi wosachezeka. Ayi ndithu, wamutseka pakamwa ndiwe.

Mafunso amenewa vuto lake ndi loti lililonse lili ndi yankho lokhoza ndi lolakwa, ndiye wofunsidwayo amadziwa kuti akuyezedwa. Muno mu Blantyre achinyamata angati ali pa ntchito ya pamwezi? Ambiri ndi a geni, ena anamaliza sukulu akukhalira kwa achimwene awo ku Ndirande kudikira mwayi. Ukamufunsa munthu wotereyu kuti amagwira kuti, iye akumva kuti "uli ndi zingati", ndiye asankhe pakati ponama ndi kuchita manyazi. Zonse ziwiri sizibweretsa macheza.

Sindikunena kuti osafunsa ayi. Ofufuza a ku Harvard mu 2017 anaona zokambirana za anthu amene amakumanitsidwa kwa mphindi zochepa kuti aone ngati angakondane, ndipo anapeza kuti amene amafunsa mafunso otsatira pa zomwe mnzawo wangonena kumene ndi amene amavomeredwa kwambiri kuti akumanenso. Nkhani yagona pa kutsatirapo. Intavyu imadumpha, ntchito, kenako mpingo, kenako ana, yankho lililonse kungolichonga nkupita kwina. Macheza amakhala pa chinthu chimodzi nkumachikumba.

Ndiye poyambira pabwino ndi chinthu choti nonse mwachiona kapena mwadutsamo tsiku lomwelo, ndipo uyambe ndiwe kuponya kako. Tiyerekeze mtsikana wachokera ku Machinjiri, mnyamata ku Chilomoni, ndi mu July kunja kwachita chiperoni. Mnyamata asafunse zoti mumakhala Machinjiri mbali iti. Anene chonchi:

"Koma lero kondakitala anatipanikiza anthu anayi pampando, ine mwendo umodzi wafika kuno utachita dzanzi. Inu mwayenda bwanji?"

Taonani, wadziseka yekha kaye, waonetsanso kuti wabwera pa minibasi ndipo alibe nazo manyazi, ndiye mtsikana sakufunikanso kudzionetsa ngati wa Namiwawa. Ayankha mwina kuti, "Ine ndinakwera kabaza mpaka pa siteji, kuzizira kwake ngati kwathu ku Thyolo."

Apa ndi pamene anyamata ambiri amaphonya. Wamva Thyolo, basi "oho, ndiye munaphunzira sukulu iti?" Wataya chinthu chomwe wapatsidwa m'manja. Mtsikanayo watchula yekha kwawo osafunsidwa, ndiye kuti khomo limenelo ndi lotsegula, lowera pomwepo. "Thyolo mbali ya ku tiyi konko? Kuzizira kumeneko munkatani m'mawa wopita kusukulu?" Funso ngati ili silingayankhidwe ndi eya kapena ayi, komanso palibe amene angalakwe poyankha. Mwina anena za agogo ake amene ankawotcha mbatata paphulusa nkumupatsa kuti aike m'thumba la yunifolomu, manja azifunda panjira, nkudzadya pa buleki itazizira kale. Mnyamata aponyenso yake, kuti iye agogo ake a ku Balaka ankamutuma kotunga madzi dzuwa lili pamutu ndipo mpaka lero akaona chigubu chachikasu msana umayamba kuwawa. Aseka. Kenako afunse, "Mbatata yake mumaikondabe kapena inakukwanani?" Apa nkhani yalowa ku zakudya yokha, ndipo zakudya mu Malawi muno sizitha, pali mkangano wa mgaiwa ndi ufa woyera, pali oti therere salifuna nkuliona komwe, pali nkhani ya chiwaya cha chipisi chomwe aliyense amalumbira kuti cha kwawo ndiye chokoma kuposa zonse mtauni muno.

Pofika apa mphindi makumi awiri zadutsa ndipo mnyamata wadziwa kwawo kwa mtsikana, amene anamulera, kuti anakulira movutikira kapena ayi, komanso ngati amatha kuseka zakale zake. Zonsezi osafunsa olo funso limodzi la pa fomu. Za ntchito zimatulukanso zokha, munthu akamasuka amangoti "paja ine Loweruka ndimakhala ku Limbe kooda katundu", ndiye iwe ufunse za katunduyo, osati za phindu.

Kuponya kako koyamba ndikutsindika chifukwa kufunsa kokhakokha, olo mafunso akhale okoma bwanji, kumatopetsa. Alipo mafunso 36 aja amazungulira pa intaneti oti akuti mukafunsana mukondana, anachokera pa kafukufuku wa Arthur Aron ndi anzake wa 1997. Anthu amangokopera mndandandawo nkuiwala mmene unkagwirira ntchito, anthu awiriwo ankayankha onse mosinthana, ndipo ankayambira opepuka nkumalowa mozama pang'onopang'ono. Kutulutsa foni pa deti nkumawerengera mnzako mafunso amenewo ndi intavyu yomwe ija, yangovala suti. Ine ndimati ukafunsa kawiri, kachitatu nena zako. Koma zako zake zikhale zofanana kukula ndi zomwe wapatsidwa, wina wakuuza za mbatata iwe usayambe za mmene bambo ako anakuthawirani, nthawi yake sinakwane.

Za mpira samalani nazo. "Ndinu a Maule kapena Manoma?" imagwira bwino ngati onse mumautsata, kunyozana pang'ono kumachotsa manyazi msanga. Koma akati sindionera mpira, zisiye pompo, osayamba kumufotokozera derby yonse ya pa Kamuzu Stadium.

Udziwa bwanji kuti zikuyenda? Mayankho ake amatalika, amayamba kukufunsanso yekha osati ka "nanga inu?" kaulemu kaja, foni yagona chafufumimba patebulo, ndipo nthawi zina "inu" amasanduka "iwe" osazindikira. Zikamakanika umaonanso, mayankho afupika, maso ali pakhomo, wayamba kunena za minibasi zakumadzulo kukadali masana. Zikatero usawonjezere mafunso. Nena kanthu kako, kapena khala chete pang'ono udye chipisi chako, chete wa masekondi ochepa sapha munthu ndipo kawirikawiri winayo ndi amene amamudula ndi nkhani yake.

Tsono ena anena kuti ife takula, tilibe nthawi ya mbatata, tikufuna kudziwa ngati munthu ali ndi mwana kapena ali pabanja. Zoona, ndipo zoti munthu ali pabanja kapena ayi funsa pa foni musanakumane nkomwe, usawonongere thiransipoti. Za mwana ndi za mpingo zitha kubwera tsiku lomwelo koma chakumapeto, ndipo njira yake ndi yomweyo, yamba ndi zako. "Ine ndili ndi mwana wamkazi, ali sitandade 2, amakhala ndi mayi anga ku Bangwe." Ukatero mnzako amanena zake mosaopa chifukwa waona kuti iwe sunabise. Za chibwenzi chakale zokha ndiye ayi, olo atayamba yekha ingomvera, osafunsa kuti analakwa ndani.