Amene mwasenda muula wa ku Mukuvisi uja, imvani

Ana inu, Loweruka ndimadutsa m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi kumunsi kwa Mbare ku Harare kuno ndipo zimene ndinaona zandisowetsa tulo. Muula waukulu uja, umene anzathu achiShona amati muhacha, wina wausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, kuyambira m'mawondo mpaka pachifuwa, wangotsala mbee ngati fupa. Patsinde pake matewera a ana, mabotolo, mapulasitiki. Ndinaima pamenepo chipewa m'manja, mawu osatuluka.

Mukudziwa kuti eni dziko lino amapempha kwa makolo awo pansi pa mtengo umenewu? Ife tinabwera kuchokera ku Malawi, tinawapeza akuwomba m'manja pamenepo, ndipo sizinatidabwitse poti kwathunso nsembe ya ufa ndi mowa timathira patsinde pa mtengo. Ku Khulubvi ku Nsanje, kwa Mbona, nkhwangwa silowa m'nkhalango. Mtengo wotere uli ndi eni ake, dziwe lili ndi eni ake, ndiye munthu umafika mwakachetechete, maso ali tcheru, kuyang'anitsitsako ndi kupembedza kale.

Sindikuletsa mankhwala ayi, inenso makungwa ndamwa ambiri. Koma agogo anga akafuna khungwa amayamba agwada, kuwomba m'manja, kunena dzina la wodwala ndi chomwe chawabweretsa. Kenako amasenda kachidutswa kosaposa chikhatho mbali ya kum'mawa, kena mbali ya kumadzulo, basi, n'kumata dothi pabalapo. Akakumba muzu amadula umodzi wam'mbali n'kukwirira dzenje, amati ukasiya pululu wodwalanso sachira. Mtengo umene wina wasendapo chaposachedwa amaudutsa, kukafuna wina.

Inu mumati zachikale, koma taganizani. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'khungwa lam'kati lija lonyowa. Ukasenda mbali ziwiri zokha njira imatsala ndipo bala limadzitseka pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete. Ukazunguliza wadula khosi. Chopusitsa n'chakuti masamba amakhalabe obiriwira miyezi ingapo chifukwa madzi amakwerabe m'kati mwa thunthu, ndiye wosendayo amati onani sunafe, pomwe mizu ikufa ndi njala pansi. Mudzaona nthambi zakunsonga zikuyamba kuuma, tiziphukira tikutuluka kumunsi kwa bala, chiswe n'kulowa. Muula uja wapita, ndipo ndi mtengo wochedwa kukula, amene mwausenda simudzakhala pamthunzi wa wina wotero.

Mizu ikawola gombe limagumuka, matewera aja mvula ikokolola, Mukuvisi atula mu Manyame, Manyame mu damu la Chivero, ndipo madzi a Chivero ndi omwe amabwerera pampopi panu. Kolera ya 2008 tinaika anthu tikuona ndi maso, musandiuze kuti mwaiwala.

Amene muli ndi thumba la makungwa amenewo pamsika, ndikudziwa kuti moyo wavuta, koma pitani kwa akuluakulu a dera limenelo mukanene nokha, akuuzeni kapepesedwe kake. Ine Loweruka likubwerali ndikhala pamenepo m'mamawa ndi masaka awiri kutola zinyalala zija, achinyamata a ku Mbare mundipeze.