Kalata ya miyezi itatu sabisira pansi pa mkeka

Ndalankhula pamaliro, ndalankhula pambuyo pa mapemphero, tsopano ndilembe kuti amene ali ndi maso awerenge. Inu a kuno kuchigwa, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula ndi pa boma la Nsanje, mukuika nyumba zanu chikole kubanki ngati mukubwereketsa mpando wa pakhonde. Kalata yokumbutsa ngongole ikabwera mukuipinda kanayi n'kuilowetsa pansi pa mkeka, ati kuti amayi a kunyumba asaione. Tsiku limene adzaione ndi lomwe alendo adzafike ndi galimoto kudzazungulira nyumba, kugogoda zipupa ndi kufunsa ngati denga limadontha.

Bodza limene lapha ambiri ndi ili lakuti "banki singagulitse nyumba yanga popanda kunditengera kukhoti." Wakuuzani ndani? Mphamvu yogulitsayo munaipereka nokha tsiku limene munasayina pepala la chikole. Pa malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, lamulo la mu 1967 likunena poyera pa gawo 68: mukalephera kulipira kwa mwezi umodzi, wokongoza ali ndi ufulu wokulemberani kalata yoti mulipire. Ikatha miyezi itatu chilandirireni kalatayo inu muli phee, angathe kugulitsa malowo, kapena kuika munthu woti azitolera lendi ya nyumbayo m'malo mwanu. Woweruza safunsidwa. Mwezi umodzi ndi miyezi itatu, ndiye kuti amene wasiya kulipira mu Epulo angathe kupeza nyumba yake yalengezedwa m'nyuzipepala kutentha kwa Okotobala kusanafike pachimake.

Ndikuuzeni za mnzanga wina amene tinakulira limodzi, dzina ndisunge. Anali ndi nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, yokhala ndi mapepala ake onse. Anakongola K12 miliyoni yoti abweze m'zaka zisanu, kuti azigula mbuzi ndi chitowe n'kumakwera nazo ku Blantyre. Chiwongoladzanja chinali K30 pa K100 iliyonse pachaka, ndipo pamwezi ankapereka pafupifupi K390,000. Chimene sanachimvetse n'chakuti mwezi woyamba, pa ndalama imeneyi K300,000 inali chiwongoladzanja chokhachokha. Chaka chathunthu analipira mokhulupirika, ndalama zopitirira K4.6 miliyoni, koma atafunsa anauzidwa kuti ngongole idakali pa K10.8 miliyoni. Anakwiya, nati amubera. Sanamubere. Ngongole zamtunduwu zimatero: zaka zoyamba mumadyetsa chiwongoladzanja, thunthu la ngongole limayamba kuphwa kumapeto.

Kenaka madzi anasefukira, monga mudziwa mmene Shire, Mwanza ndi Ruo amachitira nafe, malonda anaima, iye n'kusiya kulipira. Apa sindimudzudzula, tsoka silinunkha. Chimene ndimamudzudzula nacho mpaka lero ndi zimene anachita pambuyo pake. Foni ya kubanki ikalira ankaitembenuza chafufumimba. Kenaka anasintha nambala. Kalata ya miyezi itatu itabwera, ndinaiona ndi maso anga ili m'thumba la jekete, itanyowa ndi thukuta mpaka zilembo kufufutika m'mapindiro. Ndinati, "Achimwene, mwapitako kukakambirana nawo?" Anati, "Angondiopseza awa, ndigulitsa ng'ombe ziwiri ndiwatseke pakamwa."

Ng'ombe ziwiri zikanathandiza mwezi wachiwiri. Koma mapangano ambiri a ngongole ali ndi chiganizo chakuti mukaphonya, wokongoza angathe kuitanitsa ngongole yonse nthawi imodzi, osati miyezi mwaphonyayo yokha. Ndipo chiwongoladzanja sichigona. Pa miyezi isanu ndi itatu imene iye ankazemba, K10.8 miliyoni ija inakula n'kupitirira K13 miliyoni.

Nyumba inapita pa okushoni. Iye ankati ndi ya K30 miliyoni, ndipo mwina akanaigulitsa yekha mosathamanga ikanayandikira pamenepo. Koma pa okushoni pamabwera anthu ofuna zotchipa, ndipo nyumba ya kuno kumunsi, kumene aliyense amayamba wafunsa ngati madzi amafika, ogula ake si ambiri. Lamulo limauza wokongoza kuti agulitse mwachilungamo, moganiziranso mwini nyumba, ndipo pamaikidwa mtengo woti asatsike kupitirira pamenepo. Silimuuza kuti adikire chaka chabwino. Inagulidwa K18 miliyoni. Ndalamazo zili ndi mndandanda wake: msonkho ndi lendi ya malo ngati zilipo, zolipira ogulitsa, loya ndi kulengeza, kenaka ngongole ya banki, ndipo chotsala ndicho chanu. Zolipirazo zinadya K1.5 miliyoni, banki inatenga zake, iye analandira K3 miliyoni ndi kakusefukira pang'ono. Nyumba ya zaka makumi awiri za thukuta inasanduka mtengo wa ng'ombe zochepa. Ndipo anachita mwayi. Ikanagulidwa K12 miliyoni, nyumba ikanapita, ngongole yotsala n'kumamutsatirabe.

Atamva kuti yagulidwa ndiye anathamanga kukwera mapiri kukafuna loya ku Blantyre kuti akatenge chiletso. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ufulu wowombola malo anu ulipo, ndipo palibe pangano limene lingakulandeni, koma umatha pamene mtengo wa wogula walandiridwa pa okushoni. Dzulo lake mukanabwera ndi ndalama zonse pamodzi ndi zolipira, nyumba ikanakhala yanu. Mawa lake, ngakhale banki italakwitsa kagulitsidwe, chimene lamulo limakupatsani ndi kusumira chipukutamisozi kwa wogulitsayo, osati kulanda nyumba kwa amene wagula. Ngakhale chiletso chotengedwa nthawi idakalipo sichifafaniza ngongole. Chimathandiza pamene pali cholakwika chenicheni, monga kalata ya miyezi itatu sinaperekedwe kapena masiku sanakwane. Kungoti "ndili ndi ana asanu" sikuimitsa okushoni, ndipo masiku onse amene mlandu uli kukhoti chiwongoladzanja chikuwerengedwa, loyanso akudikira zake.

Ndiye kalata imeneyi ikakupezani, lembani pa kalendala tsiku mwailandira, chifukwa miyezi itatu iyambira pamenepo. Valani nsapato mupite kubanki sabata yomweyo, mukapemphe pepala loonetsa zonse mwalipira ndi zotsala, ndipo mukapemphe kuti akutalikitsireni zaka kuti ya pamwezi ichepe. Chimene mwagwirizana chilembedwe. Mawu a pakamwa a kalaliki akuti "musadandaule bambo" sadzakuimirani. Mukaona kuti simungathenso, pemphani chilolezo chawo kuti mupeze wogula nokha ngongole ibwezedwe kuchokera pamenepo. Zimawawa, koma mnzanga uja akanatero akanatsala ndi ndalama yomangira kwina. Amene alibe ya loya apite ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, kalata ili m'manja, osati itatha ntchito.

Ndi inu azimayi amasiye ndi madala anzanga, lekani kupereka mapepala a nyumba kwa adzukulu ndi akamwini ati "angokaonetsa kubanki." Kulibe kuonetsa kumeneko. Mukasayina, nyumba yanu ndiyo chikole ngakhale simunagwire tambala imodzi ya ngongoleyo, ndipo mnyamatayo akalowera ku Joni, imene idzalengezedwe m'nyuzipepala ndi nyumba mukugonamo inu. Ngati munasayina kale, pitani kubanki mwezi uno mukafunse ngati akulipiradi, ndipo mukaonetsetse kuti keyala ndi nambala ya foni zimene zili m'mabuku mwawo ndi zanu, osati za iye.