Chenjezo kwa inu obwereketsa foni musanaisese

Abale anga, pali khalidwe lina lomwe landitopetsa, ndipo lero ndilankhula mosapsatira. Munthu wagula foni yatsopano, yakale ija akuipereka kwa mphwake yemwe akupita kusukulu, kapena kwa mnyamata wa pashopu kuti azigwiritsa ntchito mwezi wonse. Akuchotsa simukhadi, akufufuta zithunzi ziwiri zitatu zomwe akuchita nazo manyazi, basi akuti watha. Kenako pakamwa pake pomwe akutchula pini yotsegulira foniyo, poti wobwereka sangaigwiritse ntchito popanda pini. Kodi mumadziwa chomwe mwapereka pamenepo? Mwapereka mpukutu wonse wa makiyi a pakhomo panu kwa munthu amene anangopempha wa kubafa.

Pini ija ndi yomwe foni imafunsa munthu akafuna kuona mapasiwedi omwe inasunga. Foni siidziwa nkhope ya mphwanu. Wolemba pini yolondola, kwa iyo ndi mwini wake.

Tiyambe ndi Wi-Fi. Pena paliponse pomwe munalumikizapo foni yanu, kunyumba, kuofesi, kwa apongozi, foni inasunga dzina la netiwekiyo ndi pasiwedi yake. Kuyambira pa Android 10, munthu akatsegula netiweki yosungidwa n'kudina Share, foni imapempha pini kapena chala, kenako imaonetsa QR code yoti foni ina ijambule ndi kulowa. Pa mafoni ambiri pasiwediyo imalembedwa poyera pansi pake. Pa iPhone nazo ndi chimodzimodzi kuyambira iOS 16 ya mu 2022: kudina pa timadontho tobisa pasiwedi, kulemba pini, pasiwedi poyera.

Tiyerekeze kuti muli ndi rauta kunyumba ndipo mumagula bandulo ya mwezi. Mwabwereketsa foni kwa mwana wa achemwali anu amene amakhala nyumba yoyandikana. Mwanayo si wakuba ayi. Koma foni ija ikangofika pafupi ndi mpanda wanu imadzilumikiza yokha, iye n'kumaonera mavidiyo osadziwa kuti akudya zanu. Mnzake akamufunsa, amuonetsa QR code ija. Pakutha sabata, anyamata a mumzere wonse akhala pakhonde loyang'ana kwanu, bandulo yatha mwezi usanafike pakati, inu mukutukwana kampani ya mafoni. Kuti mudziwe ngati zimenezi zikukuchitikirani, tembenuzani rauta, muwerenge keyala yolembedwa pansi pake, kawirikawiri 192.168.8.1 kapena 192.168.1.1, muilembe mu Chrome, mulowe, muone mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Mukapeza mayina osawadziwa, sinthani pasiwedi ya rautayo tsiku lomwelo. Kulanda foni kwa mwanayo sikuthandiza, poti pasiwedi inatuluka kale.

Ya kunyumba ndi ndalama chabe. Ya kuofesi ndiyo ingakuchotsetseni ntchito, chifukwa pasiwedi imeneyo anakupatsani mokukhulupirirani, si yanu yogawa.

Kuchotsa kwake sikuvuta. Pitani ku Settings, mulowe pa Wi-Fi, mupeze Saved networks, pa Samsung amalemba Manage networks, ndipo dinani Forget pa netiweki iliyonse. Ngati zachuluka, funani Reset Wi-Fi, mobile & Bluetooth kapena Reset network settings pansi pa System kapena General management. Zimenezi zimasesa Wi-Fi ndi Bluetooth pakamodzi osakhudza zithunzi zanu. Koma yambani mwalemba m'kope mapasiwedi omwe mukuwafunabe. A iPhone musamale: ngati iCloud Keychain, nkhokwe ya mapasiwedi ya Apple, ndi yoyatsa, netiweki yomwe mwaiiwalitsa pa foni imodzi imachokanso pa zipangizo zanu zina.

Bluetooth ambiri mumaiona ngati ya nyimbo basi. Foni yomwe inalumikizidwapo ndi wailesi ya m'galimoto lanu imailumikizanso yokha ikafika pafupi. Wobwereka uja ali panja akulankhula ndi mkazi wake, mawu n'kumatulukira m'masipika a galimoto, inu ndi ana muli m'katimo. Wotchi ya pamkono yomwe munailumikiza imapitiriza kulandira mauthenga a foniyo. Apa wolakwiridwa ndi wobwerekayo, ndipo wolakwa ndinu. Palinso china pa Android chotchedwa Smart Lock, masiku ano Extend Unlock, chomwe chimasiya foni yosakhoma ikakhala pafupi ndi chipangizo chomwe munachiika pa Trusted devices. Ngati mwabwereketsa foni pamodzi ndi zomvera m'makutu zake, foniyo ingamakhale yotsegula kwa aliyense woitola. Lowani pa Bluetooth, dinani kagiya pambali pa dzina lililonse, musankhe Forget kapena Unpair. Mukatero mukachotsenso foniyo mu wailesi ya galimoto.

Tsopano ndifike pomwe pamandipweteka mtima. Nthawi zonse Chrome ikakufunsani kuti isunge pasiwedi, inu mumangodina Save mosawerenga. Mwasungamo Facebook, imelo, tsamba lofunsirapo ntchito, ena mpaka khadi ya kubanki, dzina lonse, nambala ya foni ndi komwe mumakhala. Wobwereka safunika luso lililonse. Akatsegula tsamba la Facebook n'kudina pabokosi lolembapo dzina, foni imamuonetsa dzina lanu ndi kudzaza pasiwedi yokha. Akafuna kuiona ndi maso, alowa mu Google Password Manager, alemba pini yomwe munamupatsa ija, aona zonse. Ndipo poti ambiri a inu pasiwedi ndi imodzi yomweyo paliponse, dzina la mwana woyamba ndi chaka chobadwa, woona imodzi waona zonse. Mawa anzanu ayamba kulandira mauthenga m'dzina lanu opempha ndalama za maliro omwe kulibe, inu n'kumati mwaberedwa ndi akatswiri akunja.

Pano mverani bwino, chifukwa ofulumira amadzipweteka. Musathamangire kufufuta mapasiwedi mmodzimmodzi mu Chrome akaunti yanu ya Google ikadali mufonimo. Mapasiwediwo amasungidwa mu akaunti, choncho mukafufuta pa foni yakale afufutikanso pa yatsopano ndi pakompyuta. Njira yake ndi kuchotsa akauntiyo mufoni. Yambani mwatsimikiza kuti pasiwedi ya Google mukuikumbukira ndipo mwalowa nayo pa foni yatsopano. Kenako pa yakaleyo pitani ku Settings, pa Passwords & accounts kapena Accounts and backup, musankhe imelo yanu, mudine Remove account. Mukatha tsegulani Chrome, mulowe mu Settings yake, muyang'ane Google Password Manager, Payment methods ndi Addresses and more. Zomwe zatsalamo tsopano ndi za mufoni momwemo, zifufuteni mopanda mantha. A Samsung muonenso Samsung Pass, chifukwa nayo ili ndi nkhokwe yakeyake.

Musakhulupirire kuti mwatha musanayese. Tsegulani tsamba lomwe mumalowapo kawirikawiri, mudine pabokosi la dzina. Pakatuluka dzina lanu, ntchito ikadalipo. Ndipo kumbukirani kuti mapulogalamu monga Facebook ndi WhatsApp amakhala olowa kale paokha, kuchotsa akaunti ya Google sikuwatulutsa. Tulukanimo kapena muwachotse.

Ena mudzati, "Aaa, ndi m'bale wanga ameneyu, ndimuganizire zoipa?" Sindikunena m'bale wanu. Foniyo iye adzaibwereketsanso kwa mnzake, adzaisiya potchajitsa pamsika, mwina adzaberedwa m'minibasi ku Limbe, pini yake ili 1234 yomwe munamuuza mofuula pagulu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ana inu. Musanaipereke, sinthani pini ikhale ina yosafanana ndi ya Airtel Money kapena Mpamba yanu. Ndipo ngati foniyo ikupita kwa miyezi, lekani kutolatola: sungani zanu kwina, chotsani akaunti ya Google, kenako mu Settings mudine Erase all data, chomwe chimafufuta zonse za mufoni.