Manambala otsatana anatisokonezera ngongole, pano ndili pa UUID

Anzanga opanga masisitimu, nkhani ya kiyi ya tebulo musamaitenge mwachibwana ngati nthambi zanu zimalemba zinthu netiweki kulibe. Ife tinali ndi nthambi zitatu, Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, iliyonse laputopu yake detabesi yakenso, madzulo nkumatumiza zonse ku seva, ndipo id inali ya AUTO_INCREMENT basi, detabesi iliyonse kumangopereka yokha manambala otsatana. Tsiku lina Mzuzu yalemba kasitomala 1045, Blantyre nayonso 1045, anthu awiri osiyana.

Seva ikanangokana bwenzi zili bwino. Koma kapulogalamu kathu kophatikiza kanampatsa wa ku Blantyre uja nambala ina, 1046, pomwe malisiti ake anatsala akuloza customer_id 1045, ndiye ngongole yake yonse inakagwera mayi wa ku Mzuzu ndipo pa sikirini sipanaoneke cholakwika chilichonse, tinadziwa mayiwo atabwera kudzadandaula kuti katunduyu ine sindinatenge. Zinandiwawa kwambiri.

Ena mumati ingogawani manambala, Mzuzu iyambire 1000000, Lilongwe 2000000. Tinayesa. Zinayenda mpaka tsiku lomwe nthambi ina inagula laputopu yachiwiri nkukopera detabesi ya yoyamba, zonse ziwiri zinapitiriza kuwerenga kuchokera pa nambala imodzimodzi, vuto lija labwereranso.

Ndiye tinasamukira ku UUID. Imeneyi ndi kiyi ya mabiti 128, laputopu imadzipangira yokha osafunsa seva, ndipo lisiti imaloza kiyi yomwe sidzasinthanso pophatikiza. Mtengo wake ulipo inde, mabayiti 16 pomwe BIGINT ndi 8, nde musaisunge ngati CHAR(36), ikani mtundu wa uuid mu PostgreSQL kapena BINARY(16) mu MySQL. Ndipo ine ndimati tengani UUIDv7 osati UUIDv4. Ya 4 ija ndi yachisawawa, mzere watsopano umagwera paliponse mu indekisi, tebulo ikakula kulemba kumayamba kuchedwa makamaka pa InnoDB ya MySQL pomwe mizere imasanjidwa motsatira kiyiyo. Ya 7, yomwe inabwera ndi RFC 9562 mu 2024, imayamba ndi mabiti 48 a nthawi, ndiye zatsopano zimagwera chakumapeto. Kungoti musaidalire pofuna kudziwa chinayamba kulembedwa nchiti, wotchi ya laputopu ya ku nthambi imatha kusokonekera.

Chomwe sindingalole ndi kusindikiza UUID pa lisiti, palibe kalaliki angawerengere munthu zilembo 36 pa foni. Pa pepala timaika nambala ina yoyamba ndi nthambi komanso makina, monga MZ2-000412, koma matebulo salozana ndi imeneyo.

Munthu mmodzi akalembetsa ku Mzuzu kenako ku Lilongwe amakhalabe ndi ma UUID awiri, zimenezo timazigwira pa seva poyerekeza nambala ya foni ndi ya chiphaso, kenako munthu wa mu ofesi nkutsimikiza asanawaphatikize.