Yankho la intigiro uziliyesa wekha usanandibweretsere

Lero ndapsa mtima ndipo sindibisa. Mnyamata amene ndimamuthandiza masamu a kalikulasi wabwera ndi funso la ∫ x cos x dx, yankho atalemba x sin x − cos x + C, n'kulitseka mizere iwiri kunsi ngati nkhani yatha. Ndamufunsa kuti, "Kodi waliyesa?" Iye akuti, "Aphunzitsi, ndi lomweli, anzanga atatu apezanso lomweli."

Anzako atatu! Anthu anayi kugwera m'dzenje limodzi ndiye kuti dzenjelo lasanduka msewu?

Chimene chikundiwawa n'chakuti intigiro ndi funso limene limabwera ndi muyeso wake m'thumba. Ukapeza yankho, lidifarenshiyete. Chikatuluka chomwe chinali pakati pa chizindikiro cha ∫ ndi dx, wakhoza. Chikatuluka china, walakwa. Palibe chodikira mphunzitsi, palibe chothamangira kumapeto kwa buku, palibe chofunsa mnzako. Kuintigireta ndi ulendo wobwerera wa kudifarenshiyeta, ndiye ukati wafika, tembenuka uone ngati njirayo ikukubweza pomwe unachokera.

Ndamukhazika pansi, ndamupatsa cholembera chake chomwecho. Tayamba ndi x sin x. Apa pali zinthu ziwiri zochulukitsana, ndiye umadifarenshiyeta choyamba n'kusiya chachiwiri, kenako chachiwiri n'kusiya choyamba. Wapeza sin x + x cos x. Bwino. Tapita pa − cos x. Derivativu ya cos x ndi − sin x, ndiye ya − cos x ndi + sin x. C wapereka ziro. Pophatikiza zonse watulutsa x cos x + 2 sin x.

Ndamuuza kuti ayang'ane funso. Funso linali x cos x basi. Nanga 2 sin x ameneyu wachokera kuti? Mnyamata uja zii, cholembera chili pakamwa.

Ndipo onani ubwino wake, chotsalacho sichingokuuza kuti walakwa, chimakulozera ndi chala pamene wapunthwa. Ma sin x awiri aja amayenera kudyana n'kutha, koma m'malo mwake aphatikizana. Zikatero dziwa kuti chizindikiro chatembenuka penapake. Tabwerera m'ntchito yake ndipo sitinachedwe kuchipeza. Anagwiritsa bwino njira ya uv − ∫ v du, anatenga u = x ndi dv = cos x dx, n'kufika pa x sin x − ∫ sin x dx. Apa ndiye anaterereka. Intigiro ya sin x ndi − cos x, ndipo mainasi ameneyu akakumana ndi mainasi wa kutsogolo uja amabala pulasi. Yankho loona ndi x sin x + cos x + C. Walidifarenshiyeta: sin x + x cos x − sin x. Ma sin x adyana, kwatsala x cos x yekha, ndendende funso lija.

Mizere itatu! Mizere itatu yokha ndi imene akanalemba yekha, malikisi ake n'kupulumuka. Akuti nthawi ya mayeso imachepa. Kuthamanga sikufika. Kudifarenshiyeta kuli ndi malamulo ake oongoka, umangowatsata, si ngati kuintigireta kumene nthawi zina umafunika kupenekera njira. Ndiye munthu wasenza katundu wolemera mpaka pakhomo, akukana kunyamula wopepuka?

Muyeso womwewu umathetsanso mikangano yopanda pake. Pa ∫ sin x cos x dx wina apeza (sin² x)/2 + C, wina apeza −(cos² x)/2 + C, n'kuyamba kulozana zala. Difarenshiyetani onse awiri, aliyense akubwezerani sin x cos x. Onse akhoza. Mayankhowo akungosiyana ndi theka, chifukwa sin² x + cos² x = 1, ndipo thekalo limamezedwa ndi C. Wodalira kufananiza ndi mnzake apa akhoza kufufuta yankho lolondola ndi dzanja lake lomwe.

Koma C ameneyu, abale inu! Muyeso uwu sungakugwire ukamuiwala, poti derivativu yake ndi ziro, kaya walemba kaya sunalembe zimatuluka chimodzimodzi. Ameneyo ndi wa mutu wako. Ndatopa kuona mapepala okhoza bwinobwino kuyambira pamwamba mpaka pansi, kumapeto C mulibe, ndiye munthu akubwera kudzandidandaulira kuti amulanda malikisi.